Momwe mungalembere funso la kankhani ka wodwala loyesa nzeru za anesi ophunzira

Mafunso a mtundu wa "tchulani zizindikiro zisanu za malungo aakulu" ndinasiya kuwadalira kalekale, chifukwa mwana woloweza amakhoza bwinobwino koma mukamuika ku wodi ya ana usiku ali yekha amangoima ngati chitsa. Ndiye apa ndikuonetseni mmene ine ndimapangira funso lokhala ndi kankhani kakafupi ka wodwala, loti wophunzira asankhe chochita. Mayeso athu amakhala m'Chingerezi inde, koma chitsanzochi ndachiika m'Chichewa, nzeru yake ndi yomweyo.

Choyamba musathamangire kulemba nkhani. Khalani kaye pansi mudzifunse kuti ndi chisankho chiti chomwe mukufuna kuona ngati nesiyo angachipange, chimodzi basi. Ine changa chinali ichi: mwana wa malungo aakulu wafika ali chikomokere, kodi wophunzirayu adziwa kuti shuga wotsika ndi amene angamuphe msanga kuposa tizilombo ta malungoto? Mukachipeza chisankhocho, yankho lolondola lilembeni pambali musanalembe china chilichonse.

Kenako nkhani ija. Isapitirire mizere isanu kapena isanu ndi umodzi. Yanga ili chonchi: Mwana wa zaka 3, wolemera 12 kg, abwera naye pa helefi senta atatentha thupi masiku atatu. Mayi ake akuti anakomoka kawiri kunyumba thupi lonse likugwedezeka ndipo sanadye chilichonse kuyambira dzulo. Pano sakugwedezeka, akupuma bwino, koma amangotakataka mukamutsina. Thupi latentha 39.4, malungo apezeka poyeza pachala, shuga ali 1.8 mmol/L, kanula yaikidwa kale. Kodi nesi ayambe ndi chiyani?

Muone kuti mawu oti shuga watsika sindinawalembe paliponse, ndangoika nambala. Ntchito yomasulira nambalayo ndi ya wophunzira, mukamumasulira inu ndiye mwamuuza yankho. Ndinasankha 1.8 dala chifukwa mabuku amasiyana pang'ono, la ETAT limati pansi pa 2.5, malangizo a WHO a malungo aakulu amati pansi pa 2.2, ndiye mukaika 2.4 mudzakangana ndi ana anzeru mpaka dzuwa kulowa. Kulemera kwa mwana ikaniko nthawi zonse, mankhwala a ana amayendera sikelo. 39.4 ija ndi nyambo chabe, pali ena maso awo amathamangira pomwepo.

Tsopano mayankho osankha, ndipo apa ndi pomwe ndinagwa chagada ndiye mundipirire ndifotokoze bwino. Yankho lolondola ndi kupereka dekisitirozi wa 10% okwana 60 ml pamtsempha, chifukwa ndi 5 ml pa kilogalamu ndipo mwanayu ndi wa 12 kg. Atatu enawo asakhale zopusa zoti aliyense angazikane ali m'tulo, akhale zinthu zoti nesi weniweni akhoza kuchita. Ine ndinaika atesuneti 36 mg pamtsempha, yemwe ndi mulingo wolondola ndithu poti mwana wosakwana 20 kg amalandira 3 mg pa kilogalamu, mwanayu akufunikadi mankhwalawa koma si oyamba. Ndinaikanso parasetamo wa anthu okopeka ndi kutentha aja, kenako dayazepamu wa pansi kwa amene angoona mawu oti kukomoka.

Vuto linali loti ulendo woyamba mzere uja woti pano sakugwedezeka, akupuma bwino, munalibe. Ndinangolemba kuti mwanayo akukomoka basi, m'mutu mwanga ndikudziwa kuti zinachitikira kunyumba koma papepala sizinaoneke. Pochonga ndinangoona ana anga odalirika, omwe ku wodi amagwira ntchito ngati anesi akale, ambiri asankha dayazepamu, pamene ena ofooka akhoza mwina mongolotera. Nditabweza mapepala mtsikana wina anaimika mkono n'kunena mwaulemu kuti, "Madamu, pepani, mwanayu ife timamuona ngati akugwedezeka pabedi pompano, ndiye tinayamba ndi kuletsa kugwedezekako." Ndinayesa kulimbikira kuti shuga wotsikayo ndi amene angayambitse kukomokako, zomwe ndi zoona, koma pansi pamtima ndinadziwa kuti funso langa linali ndi zitseko ziwiri. Tinalichotsa pa malikisi. Manyazi ake!

Kuyambira pamenepo ndimatenga yankho lolakwika lililonse n'kulifunsa kuti, ndi mawu ati m'nkhanimu amene akulitsekera khomo? Ndimawaloza ndi cholembera enieniwo. Dayazepamu akutsekedwa ndi "sakugwedezeka". Atesuneti akutsekedwa ndi 1.8 komanso mawu oti "ayambe" a m'funsomo. Ngakhale sizili pa mayankho anayi aja, zoti ayambe ndi mpweya zatsekedwa ndi "akupuma bwino", ndipo woti ndiyambe ndaika kanula alibe ponena chifukwa yaikidwa kale. Ngati palibe mawu oloza, ndiye kuti yankholo silolakwika, vuto ndi la inu olemba, bwererani mukakonze nkhani. Komanso ofooka akamakhoza funso lomwe akatswiri a m'kalasi akulephera, musamati ana sakuwerenga, kaoneni funsolo.

Tinene pang'ono za mafunso ogula aja. Pali anyamata amagulitsa ma PDF pa WhatsApp, amati ndi mafunso masauzande okonzekera mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, mtengo ukukwera mayeso akamayandikira. Ndinagulako kamodzi kuti ndione, ambiri ndi a ku America ongokopera, kulemera kwa mwana kuli m'mapaundi, mankhwala ena sitinawaonepo m'famase mwathu, mayankho ena olakwika kumene. Ndalama yanga inangopita. Njira yachidule yabwino ndi kukumbukira odwala omwe munawaonapo nokha ku wodi, n'kusintha zaka ndi zina zonse zoti munthu angamuzindikire nazo, dzina ndi mudzi osaika.

Nkhani imodzi ikhoza kubala funso lachiwiri kuti musavutike kulemba yatsopano. Mwachitsanzo pa helefi senta pali dekisitirozi wa 50% yekha, nesi apange bwanji 60 ml ya 10%? Yankho ndi 12 ml ya dekisitiroziyo kusakaniza ndi 48 ml ya madzi a jekeseni, gawo limodzi la dekisitirozi ku magawo anayi a madzi. Bola funso lachiwirilo lisaulule loyamba, mukawaika tsamba limodzi ndiye mwagawa malikisi aulere. Ine lachiwiri ndimakalifunsa m'kalasi pokambirana.

Zotsalazi ndi zodziwika. Mayankho onse anayi akhale otalika mofanana chifukwa ana amadziwa kuti lalitali ndi lomwe aphunzitsi analikonda, lolondola lisamangokhala C, ndipo zija za "zonse zili pamwambazi" zisiyeni. Lembani chifukwa cha yankho lililonse mzere umodzi umodzi, mupatse mnzanu wa ku wodi ya ana ayankhe osamuuza kanthu, akazengereza funsani pomwe wakodwa. Mukasindikiza werenganinso kope lotuluka m'makina, osati la pa kompyuta. Malo ena otchipa a fotokope amathira inki yosuluka, tsiku lina kadontho ka 1.8 kanafufutika mwana wanga n'kukhala ndi shuga wa 18, mwayi ndinaona tisanagawe, ndinakhala pansi n'kubwezera kadonthoko ndi bolopeni pepala lililonse.