Mwadzaza Sudoku Yonse? Umu ndi Momwe Mungadziwire Ngati Mwakhozadi

Tsiku lina ku Nchalo mphunzitsi mnzanga anandionetsa Sudoku yomwe anadzaza titakhala pamthunzi wa mtengo. "Aphunzitsi, ndawonkhetsa, mzere uliwonse wopingasa ukukwana 45," anatero. Nditayang'ana mzere wachinayi ndinapeza manambala awa: 5 3 8 2 7 9 3 6 2. Awonkhetseni nanunso, akwanadi 45. Koma 3 ali pawiri, 2 alinso pawiri, pamene 1 ndi 4 mulibe. Choncho kuwonkhetsa kumathandiza mbali imodzi yokha. Mukapeza 44 kapena 46, dziwani kuti mwalakwitsa, koma 45 si umboni woti mwakhoza.

Magulu oyenera kuwunika alipo 27: mizere 9 yopingasa, mizere 9 yotsika ndi mabokosi 9 a tizipinda 9. Gulu lililonse liyenera kukhala ndi manambala 1 mpaka 9, iliyonse kamodzi kokha. Musanayambe, onani kaye ngati manambala omwe anabwera osindikizidwa kale akadali momwe analili. Kutentha kwa kuno kuchigwa thukuta limafufuta pensulo, ndipo 1 wolembedwa mothamanga amaoneka ngati 7.

Yambani ndi mizere yopingasa. Phimbani mizere ya m'munsi ndi pepala kuti maso asasochere. Musamawerenge manambala monga aikidwira, chifukwa maso amangodutsa. M'malo mwake muziitana 1, 2, 3 mpaka 9, ndipo aliyense muzimuloza ndi chala. Tizipinda tilipo 9 basi, ndiye nambala imodzi ikasowa ndiye kuti ina yabwerezedwa. Mzere wabwino muuchonge m'mbali.

Kenako tembenuzani pepala lophimbira lija, muchite chimodzimodzi ndi mizere yotsika. Apa musachite ulesi. Mukasinthanitsa manambala awiri mu mzere umodzi wopingasa, mzerewo umaonekabe bwinobwino, ndipo ngati onse ali m'bokosi limodzi, bokosilonso silionetsa vuto. Ndi mizere iwiri yotsika yokha imene ingakuululeni.

Mabokosi ndiwo ambiri amawadumpha, poganiza kuti mizere ikakhala bwino zatha. Yesani kulemba 1 mpaka 9 pamzere woyamba, wachiwiri muyambire pa 2, wachitatu pa 3, choncho mpaka pansi, ndipo mukafika pa 9 muzibwerera pa 1. Mizere yonse 18 ikhala yopanda vuto, koma bokosi loyamba likhala ndi 3 patatu.

Nanga vuto likapezeka? Nambala imodzi yolakwika imaononga mzere wopingasa, wotsika ndi bokosi lake nthawi imodzi, choncho yang'anani pamene mizere iwiri yovutayo yakumana. Pa Sudoku ya mnzanga uja, 3 anali m'kachipinda kachiwiri ndi kachisanu ndi chiwiri. Mzere wotsika wachiwiri unali bwino, koma wachisanu ndi chiwiri unali ndi 3 wina ndipo unkasowa 1. Tinafufuta 3 ameneyo n'kulembapo 1. Tinachitanso chomwecho ndi 2 wa kumapeto, pomwe panayenera kukhala 4.

Koma mukaona kuti magulu ambiri avuta m'malo osiyanasiyana, musamate zigamba. Cholakwacho chinalowa kumayambiriro n'kufalikira, ndipo ndi bwino kufufuta zonse za pensulo n'kuyambiranso.