Kukonza m'buku pamene malipiro a wogulitsa katundu alembedwa pa akaunti yolakwika

Alembi a makopaletivi ndi asungichuma a mabungwe ang'onoang'ono, nkhani iyi ndi yanu. Mwalipira wogulitsa katundu, ndalama zatuluka kubanki bwinobwino, iyenso walandira, koma polemba m'buku mwaziika pa akaunti ya zowonongedwa imene si yake. Kukonza kwake n'kwa mizere iwiri yokha, komabe musanailembe pali funso limodzi lofunika kuyamba mwaliyankha, chifukwa ambiri amakonza n'kusiya vuto lalikulu kuposa limene analipeza.

Tiyerekeze kopaletivi imene ili ndi chigayo komanso lole imodzi. Pa 12 Juni yalipira K480,000 kusitolo ya zipangizo, kugula sefa, malamba ndi mabering'i a chigayo. Mlembi, mwina poti sitoloyo amagulakonso oyilo, walemba ndalamazo pa akaunti ya mafuta a galimoto m'malo mwa akaunti ya zokonzera makina. M'buku zalowa chonchi:

```
Dr  6200 Fuel     480,000
Cr  1100 Bank     480,000
```

Cholakwika chotere chimabisala. Mbali ya debiti ndi ya kirediti n'zofanana, choncho mukaphatikiza maakaunti onse kumapeto a mwezi palibe chimene chingakudabwitseni. Mukafananitsa buku ndi sitetimenti ya banki, zonse zigwirizana, popeza K480,000 inatulukadi tsiku limenelo. Ngati invoisi yake inali isanalembedwe kale m'buku, ngakhale phindu la mweziwo lili lolondola. Chimene chasokonekera ndi nkhani imene bukulo likuuza komiti: likuti lole yamwa mafuta ambiri pomwe chigayo sichinadye kalikonse.

Chimaoneka mukaika mwezi uno pambali pa miyezi yapitayi kapena pa bajeti. Ngati lole imadya mafuta a K300,000 pamwezi, ndiye mu Juni akaunti yake ikuonetsa K780,000 popanda ulendo uliwonse wapadera, tsegulani leja ya akauntiyo muwerenge mzere ndi mzere. Dzina la sitolo ya zipangizo pakati pa mayina a malo omwetsera mafuta lidzakuonekerani lokha. Chitani zimenezi musanapite kumsonkhano, kuopa kuti komiti ingayambe kukayikira dalaivala wosalakwa.

Tsopano funso lija: kodi invoisi ya katunduyu inali italembedwa kale m'buku monga ngongole, kapena malipirowa ndiwo anali koyamba kuti katunduyu alowe m'buku? Tulutsani vocha ya malipiro, invoisi ndi lisiti, kenako tsegulani akaunti ya wogulitsayo mu leja ya amene muli nawo ngongole. Yankho lake ndilo likuuzeni kumene ndalamazo ziyenera kupita.

Ngati munagula n'kulipira nthawi yomweyo, invoisi isanalembedwepo paliponse, ntchito ndi yongosamutsa. Akaunti ya zowonongedwa imakwera ndi debiti ndipo imatsika ndi kirediti. Ndiye akaunti yoyenera muipatse debiti, yolakwikayo muipatse kirediti ya ndalama zomwezo:

```
Dr  6350 Repairs and Maintenance   480,000
Cr  6200 Fuel                      480,000
```

Onani kuti banki palibe pamenepa. Banki sinalakwe, ndipo mukaikhudza mudzakhala ndi mzere m'buku umene sudzapezeka pa sitetimenti. Mukamaliza, yesani ntchito yanu: mafuta abwerere pa K300,000, zokonzera makina zikwere ndi K480,000, koma zowonongedwa zonse pamodzi, phindu ndi ndalama za kubanki zikhale momwe zinalili. Mukaona mafuta afika pa K1,260,000, dziwani kuti mwatembenuza mbali, debiti mwaiika pa mafuta kachiwiri. Zikatero lembani jenala yobweza imeneyo, kenako lembani yolondola.

Werengani invoisi yonse musanasamutse. Ngati mwa K480,000 ija munali oyilo wa lole wa K60,000, ndipo kwanuko oyilo mumamulemba pa mafuta, zosamutsa ndi K420,000 yokha. Lamulo lake n'lakuti mumasamutsa zimene zakhala molakwika mu akaunti ya zowonongedwayo, osati nambala imene ili pa sitetimenti ya banki. Izi zimafunika kwambiri pamene pali msonkho. Ngati bizinesi yanu inalembetsa msonkho wa vati ndipo gawo la vati munaliika kale pa akaunti yake, lisiyeni komweko. Ngati munadula msonkho pa malipirowo kuti mukaupereke ku MRA, zimene zinatuluka kubanki n'zochepa kuposa zimene zili pa akaunti ya zowonongedwa, ndipo zosamutsa ndi zazikuluzo. Onaninso ngati munadula pa mlingo woyenera, chifukwa malipiro a katundu ndi a ntchito sadulidwa mofanana, ndipo amene anasokoneza mtundu wa malipiro akhoza kukhala kuti anasokonezanso pamenepo.

Koma tiyeni tione njira yachiwiri, imene ndiyo imapweteka. Tinene kuti katundu anabwera pa 28 Meyi pa ngongole, ndipo tsiku lomwelo invoisi inalembedwa bwino: debiti pa zokonzera makina, kirediti pa akaunti ya wogulitsayo. Zowonongedwazo zinalowa kale m'buku mu Meyi. Malipiro a pa 12 Juni sanali kugula kwatsopano, anali kubweza ngongole, choncho sanayenere kupita pa akaunti ya zowonongedwa iliyonse. Powalemba pa mafuta, buku likuonetsa kuti kopaletivi yawononga K960,000 pa katundu wa K480,000, ndiponso kuti sitolo ija sinalipidwe.

Apa mukangothamangira kusamutsa kuchoka pa mafuta kupita pa zokonzera makina, mwangosuntha vutolo. Akaunti ya zokonzera idzakhala ndi sefa ndi malamba omwewo kawiri, phindu lidzakhalabe lotsika ndi K480,000, ndipo ngongole yabodza idzatsala m'buku. Mwezi wamawa wina akamakonza mndandanda wa oyenera kulipidwa adzaipeza n'kulemba cheke china. Si ogulitsa onse amene amabweza ndalama zolipidwa kawiri asanafunsidwe. Kukonza kolondola n'kotere:

```
Dr  2100 Accounts Payable   480,000
Cr  6200 Fuel               480,000
```

Mayeso ake ndi osiyana ndi oyamba aja. Mafuta atsika, ngongole yatsika, phindu lakwera ndi K480,000, banki siinasinthe. Zizindikiro zokuuzani kuti muli m'njira yachiwiriyi ndi ziwiri: invoisi imene mukudziwa kuti munalipira ikuonekabe pa mndandanda wa ngongole, ndipo sitetimenti yochokera kwa wogulitsa ikuti mulibe naye ngongole pomwe buku lanu likuti ilipo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kupempha sitetimenti kwa ogulitsa amene mumatengako katundu pa ngongole, mwezi ndi mwezi, ngakhale amene mumagwirizana nawo kwambiri.

Amene mumalemba pa kompyuta, samalani pa mzere wa ngongolewo. Mu QuickBooks, jenala yokhudza `Accounts Payable` imafuna kuti musankhe dzina la wogulitsa, ndipo ikalowa ntchito siinathe: muyenera kukailumikiza ndi invoisi yake, apo ayi akaunti ya wogulitsa idzaonetsa ziro koma invoisiyo idzakhalabe pa mndandanda wa zosalipidwa. Mapulogalamu ena salola n'komwe kulemba mwachindunji pa akaunti yaikulu ya ngongole, amafuna mudzere ku jenala ya ogulitsa.

Ena adzafunsa kuti, bwanji osangotsegula malipiro akale aja n'kusintha akaunti? Ngati mwazindikira tsiku lomwelo, mwezi sunatsekedwe, lipoti silinatuluke, ndipo malamulo a ofesi yanu amalola, palibe choopsa chachikulu. Kupitirira pamenepo, ine sindivomereza. Lipoti limene komiti inalandira silidzagwirizananso ndi buku, ndipo palibe chidzafotokoze chifukwa chake. Kufufuta malipiro onse n'kuwalembanso n'koipa kwambiri, chifukwa ngati anali atafananitsidwa kale ndi sitetimenti ya banki, kufananitsa kwa mweziwo kumapasuka. A mabuku a pamanja, utoto woyera wofufutira uja usayandikire leja. Mzere wakale ukhale momwemo, pambali pake lembani nambala ya jenala imene yaukonza.

Jenala yokonzayo ikhale ndi vocha yakeyake, ndipo mawu ofotokozera akhale oti munthu wobwera chaka chamawa amve osafunsa. “Kukonza cholakwika” si kufotokoza. Lembani motere: kusamutsa K480,000 ya zipangizo za chigayo, vocha ya malipiro nambala yakuti ya pa 12 Juni, imene inalembedwa pa mafuta molakwika. Lumikizani fotokope ya invoisi ndi tsamba la leja loonetsa cholakwikacho. Wolemba asaine, wina wamkulu avomereze, kaya ndi msungichuma kapena manejala. Oditala amayang'anitsitsa majenala olembedwa pamanja chifukwa ndi momwe anthu ena amabisira zinthu, choncho jenala yopanda mapepala imakayikitsa ngakhale ili yoona.

Chotsala ndi deti. Ngati Juni akadali wotsegula, ikani deti la mu Juni kuti lipoti la mweziwo lituluke loyera. Ngati anatsekedwa ndipo lipoti linapita, ikani deti la mwezi umene muli, koma chenjezani owerenga. Mukakonza mu Julayi, mafuta a Julayi a K300,000 kuchotsapo K480,000 adzaoneka ngati K180,000 ya kunsi kwa ziro, ndipo wosadziwa adzadabwa. Kachiganizo kamodzi pansi pa lipoti kakwanira, ndipo mukaphatikiza miyezi yonse kuyambira kumayambiriro a chaka manambala adzakhala olondola. Ngati ndalamazo n'za opereka thandizo ndipo lipoti lawo linatumizidwa kale, alembereni, popeza kwa iwo mafuta ndi zokonzera makina ndi mizere iwiri ya bajeti yosiyana.

Chaka chikakhala kuti chinatsekedwa ndipo oditala anasaina, njira ziwiri zija zimasiyananso. M'njira yoyamba maakaunti onse awiri anatsekeredwa kale m'phindu la chaka chathacho, ndipo phindulo linali lolondola. Mukalemba jenala m'chaka chatsopano mudzangowononga manambala a chaka chino, mafuta kutsika ndi zokonzera kukwera pa zinthu zimene sizinachitike chaka chino. Lembani kakalata, kaikeni m'failo, ndipo muwauze oditala kuti aone ngati angasinthe manambala a chaka chatha amene amaikidwa pambali pofananitsa. M'njira yachiwiri simungasiye, chifukwa ngongole yabodza inawoloka nanu kulowa m'chaka chino, ndipo phindu limene munapereka kwa mamembala ndi ku MRA linali lochepa ndi K480,000. Imitsani kaye invoisiyo kuti isalipidwenso, kenako khalani pansi ndi akauntanti kapena oditala wanu kuti mugwirizane ngati kirediti yake ipite pa phindu losungidwa la zaka zam'mbuyo kapena pa zowonongedwa za chaka chino, komanso ngati fomu ya msonkho ya chaka chathacho iyenera kukonzedwa.