Kalembedwe ka dandaulo la ndondomeko ndi apilo m'maminitsi

Pamsonkhano membala amaloledwa kudula mnzake pakamwa ngati akuona kuti lamulo la msonkhano likuphwanyidwa. Amaimirira, kunena kuti ali ndi dandaulo pa ndondomeko, wapampando n'kugamula pomwepo. Membalayo akapanda kukhutira amachita apilo, ndiye kuti nkhani yachoka m'manja mwa wapampando ndipo msonkhano wonse ndiwo ugamule. Zonsezi zimatha m'kanthawi kochepa, mwina anthu atakwezerana mawu, ndipo apa ndi pamene alembi ambiri amangolemba kuti "panali kusamvana pang'ono koma kunatha". Chiganizo chotere sichithandiza aliyense.

Kawirikawiri maminitsi amasunga zimene msonkhano wachita, osati zimene anthu ayankhula. Koma pa dandaulo la ndondomeko pali mawu amodzi amene ayenera kulowa, ndiwo chifukwa chimene wapampando wapereka pogamula. Buku la malamulo a misonkhano la Henry Robert, lomwe linatuluka koyamba mu 1876 ndipo mabungwe ambiri amalitsatira, limafuna kuti dandaulo lililonse ndi apilo iliyonse zilembedwe, kaya zaphula kanthu kaya zagwa, pamodzi ndi zifukwa za wapampando. Nkhani yofanana ikadzabuka chaka chamawa, wapampando wa nthawiyo adzatsegula maminitsi kuti aone mmene anagamulira poyamba. Akapeza chigamulo chopanda chifukwa sangadziwe ngati nkhani ziwirizo zikufananadi.

Tiyerekeze bungwe limene pamsonkhano pake pabwera mamembala 15, kuwerengera ndi wapampando. Gawo 9 la malamulo ake likuti ganizo losintha ndalama ya umembala lidziwitsidwe kwa mamembala masiku 14 msonkhano usanachitike. Msungichuma wabweretsa ganizo loti tsiku lomaliza kulipira ndalamayo lichoke pa 31 Malichi lifike pa 30 Epulo, ndipo chidziwitso sichinaperekedwe. Membala wina waimirira kunena kuti ganizoli likuphwanya gawo 9. Wapampando wakana dandaulolo, akuti gawo 9 likunena za kuchuluka kwa ndalama, pamene ganizoli likungosuntha tsiku. Membala uja wachita apilo, wina wasekonda, akambirana, avota. Mavoti 7 agwirizana ndi wapampando, 7 atsutsa, wapampando sanavote. Mlembi alembe motere, pansi penipeni pa ganizo la msungichuma:

"Pamene ganizoli limakambidwa, Mayi Uje anadandaula kuti ganizoli likuphwanya gawo 9 la malamulo a bungwe, poti chidziwitso cha masiku 14 sichinaperekedwe. Wapampando anagamula kuti dandauloli silikumveka, chifukwa gawo 9 likukhudza kusintha kuchuluka kwa ndalama ya umembala, pamene ganizoli likusintha tsiku lolipira lokha. Mayi Uje anachita apilo, ndipo inasekondedwa. Atakambirana, funso linaikidwa loti: Kodi chigamulo cha wapampando chikhale? Ovomereza 7, okana 7. Chigamulo cha wapampando chinakhala. Msonkhano unabwerera ku ganizo la msungichuma."

Chovuta kwambiri m'ndimeyi ndi funso lovoteredwa. Pa ganizo wamba, mavoti akafanana ganizo lagwa. Mlembi wozolowera zimenezo akaona 7 kwa 7 dzanja limathamangira kulemba kuti "chagwa", ndipo wowerenga sangadziwe ngati chagwacho ndi apilo kapena chigamulo. M'malamulo a Robert, chigamulo cha wapampando chimagwa pokhapokha otsutsa akaposa ovomereza, choncho mavoti ofanana amachisiya chili chilili. N'chifukwa chake funso lilembedwe monga mmene analinenera wapampando, kenako manambala, kenako zotsatira zake m'mawu athunthu. Pewani mawu akuti "zinavomerezedwa" kapena "zinakanidwa" osatchula chinthucho. Njira yodziyesera ndi yosavuta: phimbani manambala ndi chala, muwerenge chiganizo chomaliza chokha. Ngati simungathe kunena amene wapambana, lembaninso.

Dziwaninso kuti si mabungwe onse amayendera buku limeneli. Ena malamulo awo amafuna magawo awiri mwa atatu kuti agwetse chigamulo, ena amachotsa wapampando pampando mpaka apilo ithe, ndipo ena salola apilo m'pang'ono pomwe. Lamulo la bungwe lanu ndilo limatsogola. Ngati wachiwiri kwa wapampando anatenga mpando, lembani pamene anautenga ndi pamene anaubweza, chifukwa wina angadzafunse amene anaika funso ndi kulengeza zotsatira.

Zimene zasiyidwa m'chitsanzo chija zasiyidwa dala. Mfundo za mbali zonse pokambirana apilo mulibe, dzina la wosekonda mulibe, ndipo mulibe mawu onga "mwaukali" kapena "mosayenera". Mlembi sagamula mlandu. Ngakhale akuona yekha kuti wapampando walakwitsa kumasulira gawo 9, malo otsutsira anali apilo, osati cholembera chake. Dzina la wodandaula lokha lilembeni, limathandiza kulondola nkhani.

Chifukwa cha wapampando chigwireni nthawi yomweyo. Apampando ambiri amangoti "ayi, tipitirize", ena amazungulira mpaka mfundo kusowa. Mlembi ali ndi ufulu wopempha mwaulemu: "Wapampando, mungabwereze chifukwa chanu kuti ndichilembe bwino?" Akachinena, muwerengereni zimene mwalemba anthu onse akumva. Ngati sanapereke chifukwa chilichonse, lembani chigamulo chokha, musamupekere. Choopsa china chimabwera msonkhano utatha, wapampando akaona maminitsi osavomerezedwa n'kufuna kuikamo chifukwa chanzeru chimene wachiganizira kunyumba. Zimenezo zikaneni, poti mamembala anavotera chifukwa chimene anamva m'chipindamo.

Malo a ndimeyi nawo ndi umboni. Dandaulo limayenera kuperekedwa pamene cholakwikacho chikuchitika, ndipo apilo ichitike chigamulo chikangoperekedwa, nkhani ina isanalowe. Mukasonkhanitsa madandaulo onse kumapeto kwa maminitsi, pansi pa zina ndi zina, palibe angaone ngati anabwera pa nthawi yake. Ndipo musaiwale chiganizo chobwerera ku ganizo loyamba. Voti ya apilo sinagamule za 30 Epulo, yangolola kuti ganizolo lipitirire kukambidwa, choncho pansi pake payenera kuoneka voti ina ya ganizo lenilenilo. Otsutsa akanakhala 8, ovomereza 6, mukanalemba kuti chigamulo chinagwetsedwa, dandaulo linamveka, ndipo ganizo la msungichuma silinapitirire kukambidwa.

Nthawi zina wapampando amakayika n'kupereka funsolo ku msonkhano popanda kugamula yekha. Pamenepo musalembe kuti "wapampando anagamula" kapena kuti panali apilo. Lembani kuti anapereka funso kwa mamembala, mutchule funsolo ndi zotsatira zake. Palinso amene amafuula za ndondomeko pomwe akungofuna kutsutsa mfundo ya mnzawo. Wapampando akagamula kuti limenelo si dandaulo la ndondomeko, mzere umodzi ukwanira.

Pamsonkhano wotsatira, povomereza maminitsi, Mayi Uje angathe kukonzetsa ngati mwalemba gawo 8 m'malo mwa 9, kapena mwasokoneza manambala. Koma sangagwiritse ntchito nthawiyo kuti chigamulo chisinthidwe, chifukwa funso la pamenepo ndi lakuti kodi zolembedwazo ndi zimene zinachitika. Akafuna kuti gawo 9 lizikhudzanso tsiku lolipira, abweretse ganizo losintha malamulo, motsatira chidziwitso chimene malamulowo amafuna.