Uthenga woti akaunti yanu itsekedwa: musadine linki, kaoneni nokha

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, ndalama zimayenda kwambiri pafoni, ndipo akathyali nawo sagona. Msampha womwe amaukonda ndi uthenga wooneka ngati chenjezo, wonena kuti wina walowa mu akaunti yanu, tsimikizani kuti ndinu mwini wake pasanathe maola 24, apo ayi itsekedwa. Chovuta n'chakuti machenjezo enieni aliponso. Facebook ndi Google amatumizadi uthenga munthu akalowa mu akaunti ndi foni yachilendo, choncho sindingakuuzeni kuti muzingofufuta uthenga uliwonse.

Tiyerekeze mayi wina, msungichuma wa kalabu ya alimi, amene amatsatsa soya wa kalabuyo pa Facebook. Walandira uthenga wotere pa Messenger, chizindikiro cha Facebook chili pamwamba, Chingerezi chake chosalala bwino. Mtima uli phaa, wadina linki. Tsamba lotseguka likufanana ndendende ndi lomwe analizolowera, ndipo walemba nambala ya foni ndi pasiwedi. Posakhalitsa pafoni pagwa uthenga wa manambala 6, ndipo tsamba lija likuwapempha.

Apa ndi pomwe ambiri amagwera, chifukwa uthenga wa manambalawo ndi weniweni. Pamene mayiyu amalemba pasiwedi patsamba labodza, wakuba amailemba nthawi yomweyo pa Facebook yeniyeni. Facebook, poona foni yachilendo, yatumiza manambala kwa mwini akaunti kuti wakubayo akanike kulowa. Mayiyu akangowalemba patsamba lija, wapereka yekha kiyi wotsiriza. Wakuba amasintha pasiwedi, kenako n'kuyamba kulembera mamembala a kalabu m'dzina la msungichuma kuti atumize ndalama pa nambala ina.

Akanadziwa bwanji? Poyamba, adiresi ya tsamba. Yang'anani mawu awiri omalizira musanafike pa kamzere kopendekeka koyamba:

```
facebook.com/settings
facebook.com.tsimikizani-akaunti.xyz/login
```

Yoyambayo ndi ya Facebook. Yachiwiriyo mwini wake ndi tsimikizani-akaunti.xyz, ndipo dzina la Facebook angolipachika kutsogolo ngati nyambo. Kaloko kooneka pafupi ndi adiresi kasakunyengeni, masamba a akuba nawonso amakhala nako. Dzina la wotumiza limene likuoneka pamwamba pa uthenga nalonso limatha kupekedwa.

Komabe ndikudziwa kuti pafoni yaing'ono adiresi imaoneka yoduka, ndipo munthu amene wagwidwa mantha sawerenga bwino. N'chifukwa chake njira imene ndimaidalira ndi ina: tsekani uthengawo, mukalowere pakhomo lomwe mumalowera masiku onse. Tsegulani Facebook nokha, pitani pa Settings, kenako Accounts Center, kenako Password and security. Pa Where you're logged in mupeza mafoni onse amene alowa mu akaunti yanu. Ngati palibe foni yachilendo, n'kutheka kwambiri kuti uthenga uja ngwabodza. Ngati ilipo, itulutseni pomwepo ndipo sinthani pasiwedi. Mulimonsemo linki ija simunaifune. Pa Google, lembani nokha myaccount.google.com n'kuyang'ana gawo la Security. Dziwani kuti nthawi zina dzina la mzinda limene limalembedwa pamenepo silikhala lolondola, makamaka mukamagwiritsa ntchito bando ya pafoni, choncho yang'anitsitsani mtundu wa foni ndi nthawi yomwe inalowa.

Pa ndalama za pafoni n'chimodzimodzi. Mukalandira uthenga kapena kuimbiridwa foni yoti akaunti yanu ili pachiopsezo, dulani, imbani nokha *211# ngati muli pa Airtel Money kapena *444# ngati muli pa Mpamba, muone ndalama zanu. Nambala yachinsinsi imalembedwa mmenemo basi, siuzidwa kwa munthu, ngakhale atakutchulani dzina lanu lonse. Dzina lanu amatha kuliona pongoyesa kukutumizirani ndalama. Amene akuti samutsirani ndalama ku nambala ina kuti zitetezeke ndi mbava.

Ngati mwalemba kale pasiwedi patsamba lokayikitsa, musataye nthawi ndi manyazi. Isintheni nthawi yomweyo, ndipo musinthenso kulikonse komwe munagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo, kuyambira ndi imelo, poti ndi kumene kumafikira uthenga wobwezeretsa maakaunti ena. Ngati akutsekerani kale kunja, pitani pa facebook.com/hacked pogwiritsa ntchito foni yomwe mumalowera nthawi zonse. Imbirani tcheyamani ndi mamembala kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu. Ngati ndalama zachoka kale, sungani mauthenga onse, dziwitsani kampani ya foni kapena banki yanu tsiku lomwelo, ndipo mukanene kupolisi mutatenga nambala yomwe ndalamazo zapita.