Momwe mungajambulire kugunda kwa mtondo ndi foni n'kukukonza pa Audacity

M'sewero la pawailesi, omvera akangomva munsi ukugunda mumtondo amadziwa kuti nkhani ili pakhomo pamudzi, ngakhale wosewera asananene kanthu. Vuto n'lakuti phokoso limeneli foni imaliwononga mosavuta. Munsi umagunda mwamphamvu kamodzi, kenako pamakhala bata, ndipo foni zambiri sizigwirizana ndi kusinthasintha koteroko. Mukatha kujambula mtondo bwino, chitseko, nkhwangwa ndi khasu sizingakuvuteni, poti zonsezi zimalira mofanana: kugunda kenako zii.

Zofunika ndi foni, mahedifoni, sokosi yoyera imodzi, ndi kompyuta yokhala ndi Audacity. Pulogalamuyi ndi yaulere ndipo imayenda pa Windows, macOS ndi Linux, koma pafoni ayi.

Konzani foni musananyamuke

Musajambulire mu WhatsApp. Uthenga wamawu wa mmenemo umafinyidwa kuti uchepe, ndipo zomwe zimatayika ndi zomwe mukuzifunazo, monga kukhutchuka kwa chimanga munsi ukamatuluka. Pezani pulogalamu yojambulira mawu yomwe imakulolani kusankha WAV, mtundu wa fayilo ya mawu osafinyidwa, ndiponso imaonetsa mlingo wa kukwera kwa mawu. Sankhani 48000 Hz, 16-bit, Mono. Mukatero mphindi imodzi imadya pafupifupi 5.8 MB, choncho mphindi khumi sizifika ngakhale 60 MB.

M'makonzedwe a pulogalamuyo fufuzani mawu akuti Automatic Gain Control kapena Noise Suppression, ndipo muzimitse. Mapulogalamu ena a Android amalola kusankha Unprocessed pamene pali Audio source. Ngati mwaipeza, ndi imeneyo. Chifukwa chake n'chakuti foni inapangidwira kuyankhula. Ikamva kugunda kwamphamvu imadzitsitsa yokha, pakakhala bata n'kudzikwezanso. Pomvetsera mumamva mphepo ndi nkhuku zikuzimirira munsi ukagunda, kenako n'kubwerera pang'onopang'ono ngati munthu akupuma. Zikalowa m'fayilo sizichokanso bwinobwino.

Pomaliza tsekani netiweki poika foni pa Airplane mode, kuti wina asakuimbireni mkati mwa ntchito.

Sankhani nthawi ndi malo

Khutu lathu limanyalanyaza zambiri, koma maikolofoni imatola chilichonse. Imani pamalopo, tsinzinani kwa theka la mphindi n'kumvetsera. Ku Ulongwe kapena ku Zobwe mudzamva njinga zamoto ndi machapa ngakhale muli patali ndi msewu. Kumudzi mdani wamkulu ndi chigayo: chikalira, dikirani chizime, chifukwa kugunda kwa injini yake kumagwera pamodzimodzi ndi mawu a mtondo ndipo simungazilekanitse. Mamawa kuli atambala. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala nyenje zimasokosa masana onse. Kumapiri a ku Tsangano ndi Angoniya, mphepo ya m'nyengo yozizira ndiyo imavuta, ndiye bisalani kuseri kwa nyumba kapena nkhokwe.

Mtondo ukhale panja, padothi. Mukaulowetsa m'chipinda cha simenti ndi malata, makoma amabweza mawu ndipo omvera adzamva ngati mayi akusinja m'kalasi. Kuwonjezera kubwerezeka kwa mawu pakompyuta n'kosavuta, kukuchotsa ndiye ayi.

Mumtondomo muikemo chimanga chenicheni chowaza madzi, monga amachitira pokonola. Mtondo wopanda kanthu umalira gogogo ngati akukhoma mtengo, ndipo mayi aliyense womvera adzadziwa kuti n'zabodza. Apempheni amayi osinjawo mwaulemu, afotokozereni komwe mawuwo akamveke, ndipo muwapemphe kuti kwa mphindi ziwiri asayankhule kapena kuimba. Ngati mukufunanso nyimbo ya pamtondo, ijambuleni payokha.

Kujambula

Maikolofoni yaikulu ya foni zambiri ili kumunsi, pafupi ndi potchajira. Mbali imeneyo ndiyo iloze kukamwa kwa mtondo. Ivekeni sokosi kuti ichepetse kamphepo. Pamphepo yamphamvu sokosi sithandiza, sinthani malo basi. Musaike foni pansi kapena pampando woyandikana ndi mtondo, chifukwa nthaka imanjenjemera munsi ukagunda ndipo kunjenjemerako kumalowa ngati kuguguda konyansa. Igwireni m'manja osasuntha zala, kapena isanjikeni pachitenje chopindapinda.

Yambirani pa mita imodzi. Apempheni amayi agunde kasanu mwamphamvu monga amachitira masiku onse, inu mukuyang'ana mlingo. Pogunda penipeni uzifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Ukagunda 0 dB, mawu aphwanyika: nsonga ya funde yadulidwa ndipo m'malo mwa “du” womveka bwino mudzamva “thwa” wong'ambika. Mankhwala ake ndi kubwerera m'mbuyo. Panja, mukachulukitsa mtunda kawiri mawu amatsika ndi pafupifupi madesibelo 6, choncho kuchoka pa mita imodzi kupita pa mamita awiri nthawi zambiri kumakwana. Musapitirire kwambiri, poti mukatalikira mtondo umachepa koma agalu ndi mphepo sizichepa.

Mukayamba kujambula nenani kaye chomwe chili, mwachitsanzo “mtondo, munthu mmodzi, mamita awiri”, kenako nonse mukhale chete masekondi khumi. Ambiri amadumpha bata limeneli, chonsecho ndi lomwe lidzagwire ntchito pochotsa kusokosera. Ndiye asinje kokwana 30 kapena kuposa. Akasiya, musathamangire kuzimitsa. Werengani mumtima mpaka kasanu. Jambulaninso amayi awiri akusinja molandizana, popeza kayendedwe kake n'kosiyana ndipo n'kovuta kukapanga pakompyuta. Mvetserani ndi mahedifoni musanatsanzike. Kubwereza pomwepo ndi mphindi ziwiri, kubwereranso mawa ndi ulendo.

Kukonza pa Audacity

Samutsani fayilo ndi chingwe. Ngati mukutumiza pa WhatsApp, itumizeni ngati Document kuti isafinyidwe. Sungani yoyambayo osaikhudza, muzigwira ntchito pa kope lake. Tsegulani ndi File > Import > Audio. Fayilo ya M4A ikakana kutseguka, ndiye kuti pakompyutapo palibe FFmpeg, pulogalamu yothandiza Audacity kutsegula mafayilo oterewa. Ichi ndi chifukwa china chojambulira mu WAV. Mayina a malo ali m'munsiwa ndi a Audacity 3 yaposachedwa. Mu yakale zonse zili pamndandanda umodzi pansi pa Effect.

Choyamba yatsani View > Show Clipping in Waveform. Pomwe mawu anafika pa 0 dB padzaoneka mizere yofiira. Ngati ili pa kugunda kuwiri kapena kutatu, ingosiyani kumeneko n'kusankha kwina, n'chifukwa chake munajambula 30. Ngati ili paliponse, kajambuleninso. Clip Fix imathandiza pomwe paphwanyika pang'ono pokha.

Kenako sankhani zonse ndi Ctrl+A, pitani ku Effect > EQ and Filters > High-Pass Filter, ikani 80 Hz ndi Roll-off ya 12 dB. Izi zimachotsa kuguguda kwa mphepo ndi kwa manja. Apa samalani, chifukwa kulemera kwa mtondo kuli m'mawu a pansi omwewo. Mukakweza kufika pa 200 Hz mtondo umasanduka kabokosi. Ngati ndi 80 Hz wayamba kale kupepuka, tsikirani pa 60. Mukamva kung'ung'udza kosalekeza, makamaka ngati munajambula foni ili pa tchaja, ndi magetsi. Ku Mozambiki amayenda pa 50 Hz, ndiye gwiritsani Notch Filter pa 50 Hz, ndipo kukatsalako bwerezani pa 100 ndi 150.

Tsopano bata lija. Sankhani masekondi atatu kapena anayi opanda tambala kapena chifuwa, tsegulani Effect > Noise Removal and Repair > Noise Reduction, dinani Get Noise Profile. Sankhaninso zonse, tsegulaninso pomwepo, muyambe ndi izi:

```
Noise reduction (dB): 6
Sensitivity: 6.00
Frequency smoothing (bands): 3
```

Musanavomereze, sankhani Residue n'kudina Preview. Mudzamva zomwe zikutayidwa zokha. Mukamva “shiii” yekha, zili bwino. Bwererani pa Reduce n'kuvomereza. Mukamvamo kukhutchuka kwa chimanga, ndiye kuti pulogalamu ikudya zomwe mukufuna, tsitsani Sensitivity. Chiyeso chimakhala chokweza kufika pa 20 dB kapena kuposa kuti pakhale bata lenileni, koma zotsatira zake mtondo umamveka ngati uli pansi pa madzi, ndi timaphokoso tolira ngati mabelu tikutsatira kugunda kulikonse. Kusokosera pang'ono kotsala kumabisika pansi pa mawu a osewera, pomwe mawu a m'madziwo sabisika. Dziwaninso kuti chida ichi chimagwira phokoso losasintha lokha. Galu wouwa kapena njinga yamoto yodutsa, dulani malowo.

Kutalikitsa osaulula chinyengo

Tinene kuti chigawo cha sewero ndi cha masekondi 40 ndipo mwapeza kugunda khumi kotsatizana koyera, kotenga masekondi 10. Musatenge kugunda kumodzi n'kukubwereza ka 40. Munthu sagunda mofanana kawiri, ndipo khutu limazindikira msanga kuti ndi makina. Tengani khumi konseko.

Podula ndi pomwe pali luso. Kulitsani chithunzi ndi Ctrl+1, yambani kusankha pang'ono chabe kugunda koyamba kusanayambe, ndipo mumalizire pang'ono chabe kwa nambala 11 kusanayambe. Mukatero mpata wa pakati pa kugunda komaliza ndi koyamba umakhala wofanana ndi mipata inayo. Mukadula msanga, polumikizira padzamveka ngati mayi wapunthwa. Dinani batani la Z kuti malire asunthire pomwe funde likudutsa pa ziro, apo ayi polumikizira pamamveka kakuti “tiki”. Chotsani zakunja kwa malirewo, kenako Effect > Special > Repeat, muikemo 3: choyamba chija ndi zobwereza zitatu zikwana masekondi 40. Kumapeto ikani Fade Out ya sekondi imodzi kapena ziwiri.

Malizani ndi Effect > Volume and Compression > Normalize pa -1.0 dB. Mlingo umenewu ndi wosungira. Poika m'sewero mudzautsitsa ndi madesibelo 15 kapena 20 kuti usakwirire oyankhula. Tulutsani ndi File > Export Audio ngati WAV, poti Ctrl+S imangosunga ntchito ya Audacity ya .aup3 yomwe wailesi singaiseweretse. Dzina la fayilo lizinena zomwe zili mkati:

```
mtondo_mmodzi_2m_panja_40s.wav
```

Musanaipereke, imvetsereni pa sipika ya foni kapena pa kawailesi ka mabatire, chifukwa ambiri adzamvera pamenepo. Masipika aang'ono satulutsa mawu a pansi, ndiye mtondo womveka bwino m'mahedifoni ukhoza kutsala kakugogoda chabe. Zikatero tsegulani Filter Curve EQ, kwezani madesibelo 3 kapena 4 pakati pa 200 ndi 400 Hz, chitaninso Normalize, n'kumvetseranso pa kawailesi komweko.