Momwe mungakonzere masipelo ndi galamala m'chimangirizo cha Chisipanishi cha kuyunivesite

Wophunzira amene anadziwa Chingerezi asanayambe Chisipanishi amalakwitsa m'malo odziwika kale, ndipo n'chifukwa chake chimangirizo chiyenera kuwerengedwa kangapo, ulendo uliwonse mukusaka vuto la mtundu umodzi lokha. Tiyerekeze kuti mwalemba za kuukira kwa alimi a ku Chiapas m'dziko la Mexico, komwe kunayamba pa 1 Januwale 1994, ndipo m'ndime yoyamba muli ziganizo izi:

```
En Enero de 1994, la problema de la tierra llevo los campesinos a la rebelion. Es importante que el lector entiende que la gente eran pobres.
```

Yambani ndi kuuza kompyuta chinenero chimene mwalembamo. Mu Word sankhani zolemba zonse, kenako pitani pa Review, Language, Set Proofing Language n'kusankha Spanish. Kompyuta idzachonga mawu akuti rebelion chifukwa mawu othera ndi -ión amakhala ndi kachizindikiro pamwamba pa o, komabe musaidalire kwambiri, pakuti mawu akuti llevo ikhoza kuwadutsa osadandaula. Mawuwa alipodi m'Chisipanishi ndipo amatanthauza kuti "ndimanyamula", pamene inu mumafuna llevó, mneni wa nthawi yakale wonena za chinthu china.

Ulendo woyamba ukhale wa kachizindikiro kameneka, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti mufatse kwambiri. Ife olankhula Chichewa timadziwa kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika zimasiyana ndi kakwezedwe ka liwu, kungoti sitikuonetsa polemba. M'Chisipanishi phatikizo lotchulidwa mwamphamvu limasintha tanthauzo, ndipo eni chinenerocho amalionetsa polemba. Choncho werengani mokweza mneni aliyense wa nthawi yakale, ndipo mukamva mphamvu ikugwera pa o wotsiriza, monga mu habló kapena llegó, ikani kachizindikiroko. Mukatero gwiritsani ntchito Ctrl+F kusaka esta, el, si ndi mas, chifukwa esta ndi "ichi" pamene está ndi "ali", ndiponso si ndi "ngati" pamene sí ndi "inde". Koma mawu akuti guion, ngakhale amathera ndi -ion, musawaike chizindikiro, popeza malamulo a kalembedwe amene bungwe la Real Academia Española linatulutsa mu 2010 anachichotsa.

Ulendo wachiwiri ukhale wa mgwirizano wa dzina ndi mawu olizungulira, nkhani imene Chingerezi sichiphunzitsa bwino koma ife timaidziwa, poti sitinganene kuti "chimanga wabwino". Ambiri amaganiza kuti dzina lililonse lothera ndi -a ndi lachikazi, koma problema, tema ndi sistema anachokera ku Chigiriki ndipo ndi achimuna, motero timalemba el problema. Dzina lakuti gente nalo limasokoneza, chifukwa m'Chingerezi mawu otanthauza anthu amatenga mneni wochulukitsa, pamene m'Chisipanishi gente ndi dzina la chinthu chimodzi, ndipo cholondola ndi la gente era pobre. Mukakayika, tsegulani dikishonale ya pa dle.rae.es, imene imaika m. kapena f. pa dzina lililonse.

Ulendo wachitatu ndi wa zinthu zimene m'Chingerezi mulibe kapena sizionekamo kawirikawiri, ndipo n'zovuta kuziona chifukwa mukusaka chimene chasowa. Pamtherankhani akakhala munthu wodziwika, patsogolo pake pamafunika a, choncho timalemba llevó a los campesinos. Komanso pambuyo pa mawu osonyeza kufunika, chikhumbo kapena kukayika, monga es importante que ndi no creo que, mneni amasintha maonekedwe kulowa mu subjuntivo, motero entiende amakhala entienda. Njira yachidule ndi kusaka que aliyense n'kuona mawu amene alembedwa musanafike pa que ameneyo.

Malembo aakulu satenga nthawi: miyezi, masiku, zinenero ndi mitundu ya anthu zimayamba ndi lembo laling'ono, monga enero, lunes ndi español. Ziganizo zathu zija tsopano zakhala motere:

```
En enero de 1994, el problema de la tierra llevó a los campesinos a la rebelión. Es importante que el lector entienda que la gente era pobre.
```

Musanapereke chimangirizocho kwa aphunzitsi, sakaninso mawu ofanana ndi a Chingerezi koma a tanthauzo lina, amene kompyuta singawachonge chifukwa masipelo ake ndi olondola. Actualmente amatanthauza "masiku ano", osati "kunena zoona", ndipo pofuna kunena kuti munthu wazindikira kanthu timalemba darse cuenta de, pakuti realizar ndi kuchita ntchito.