Mawu oyamba ndi otsiriza muwatenge pa masilaidi omwewo

Ngati masilaidi anu atha koma simukudziwa poyambira kulankhula, musatsegule tsamba latsopano. Pitani pa silaidi imene ili ndi chiwerengero chopweteka kwambiri, mawu oyamba ali pamenepo.

Tinene kuti mukupempha komiti ya sukulu ndalama zokonzera madesiki. Silaidi yachinayi ikuti Sitandade 3 ili ndi ana 90 ndi madesiki 20. Poti desiki limodzi limakhala ana atatu, yambani motere: “Mawa m'mawa, ana 30 a Sitandade 3 adzalembera pa mawondo atakhala pansi.” Simunawonjezere kanthu, mwangochotsa 60 pa 90. Moni ndi malonje zikhale zazifupi, chiganizochi chibwere anthu asanayambe kuyang'ana mafoni.

Potsekera ndi pamene ambiri timataya mwayi, timangoika “Zikomo” n'kukhala pansi. Bwererani pa silaidi ya bajeti ndi ya ndondomeko ya ntchito, mutengepo zinthu zitatu: wochita, chochita ndi tsiku. “A komiti, tikupempha muvomereze lero ndalama za madesiki 10, kuti kalipentala ayambe Lolemba.” Pempho likhale limodzi, ndipo likhudze ana 30 aja munayamba nawo.

Kenako yesani mawu anu. Pa chiwerengero chilichonse chimene mwatchula, lozani ndi chala silaidi imene chachokera. Chikasowa polozera, chichotseni, chifukwa msungichuma akadzafunsa kumene mwachitenga mudzasowa choyankha. Mukapeza kuti tsiku loyambira ntchito palibe pa silaidi iliyonse, ndiye kuti masilaidiwo ndi operewera. Gwirizanani tsikulo ndi anzanu, mulilembepo, musalipeke muli chiimire kutsogolo kwa anthu.